Musathamangire kuchotsa dalaivala

"Katundu wathu akumafika mochedwa kwa makasitomala pafupifupi sabata iliyonse. Abwana akuti tijambule chithunzi cha minga ya nsomba, tifunsenso 'chifukwa chiyani' kasanu. Ndiyambire pati? Nanga pali pulogalamu ya pakompyuta yabwino yojambulira?"

Achimwene, pepala lalikulu ndi cholembera zikwana. Koma musajambule kanthu musanalembe nthawi. Ena angakuuzeni kuti mungosintha dalaivala; ifenso ankatiuza zomwezo, ndipo tinawamvera. Tinachotsa munthu wosalakwa, watsopano anabwera, katundu nkumachedwabe chimodzimodzi. Mpaka lero zimandipweteka.

Tengani kope, ndipo kwa masabata anayi muzilemba pa oda iliyonse nthawi imene yalowa, imene katundu wasonkhanitsidwa, imene kupakira kwayamba, imene lole yatuluka pageti ndi imene yafika kwa kasitomala. Mugwirizanenso kuti "kuchedwa" nchiyani. Kwathu a maoda ankawerengera tsiku limene analonjeza kasitomala pafoni, pomwe osunga katundu ankawerengera tsiku lolembedwa pa invoisi. Tinkakangana pa zinthu ziwiri zosiyana.

Mukatero ndiye jambulani nsomba ija, chithunzi chosonkhanitsira zonse zimene zingakhale zikuyambitsa vuto. Njirayi anaitchukitsa ndi Kaoru Ishikawa wa ku Japan m'zaka za m'ma 1960. Kumutu lembani vuto m'mawu oti munthu angayeze, monga "lole ikufika patadutsa maola atatu pa nthawi yolonjezedwa". Pamsana mutulutse minga isanu ndi umodzi: anthu, makina, kagwiridwe ka ntchito, katundu, kayezedwe ndi malo ogwirira ntchito. Muitane dalaivala, opakira ndi wolandira maoda, aliyense atchule chimene akuchiona. Abwana alankhule pomaliza, apo ayi onse azingovomera zawo. Chimene chalembedwa pa munga ndi chongoganizira chabe. Ife tinadzaza pepala lonse, koma kope litalankhula zambiri zinagwa: pamsewu lole inkatenga nthawi yake yomweyo masiku onse. Imene inkasintha ndi nthawi yotulukira pageti. M'malo mwa 7 koloko, masiku ena inkatuluka cha m'ma 10.

Apa mpamene tinayambira kufunsa "chifukwa chiyani" mobwerezabwereza, monga ankalimbikitsira Taiichi Ohno ku Toyota. Lole ikutulukiranji mochedwa? Chifukwa kupakira kukuima, akudikira katundu wina amene sanapezeke. Sanapezeke chifukwa chiyani? Kompyuta ikuti makatoni alipo, koma pashelefu palibe, ndiye anyamata amatha ola akusakasaka. Nanga kompyuta ikusiyana bwanji ndi shelefu? Makatoni owonongeka amachotsedwa nkuikidwa pakona, koma m'kompyuta amawerengedwabe ngati abwino mpaka Lachisanu. Bwanji Lachisanu? Chilolezo chosintha nambala chinali ndi munthu mmodzi yekha, ndipo tsiku limene ankapeza mpata linali lomwelo. Nchifukwa chiyani anali yekha? Lamulolo analiika kale pamene maoda anali ochepa, pofuna kupewa kuba, ndipo palibe analiunikanso ntchito itakula.

Yankho lililonse tinkapita kukaliona ndi maso. Ine ndemwe ndinaima pakona paja nkuwerenga makatoni, kenako nkufananitsa ndi za m'kompyuta. Mukangoyankhira muofesi, munthu aliyense adzakufikitsani kumene akufuna iye. Ndipo mukaona yankho likuti "uje ndi waulesi" kapena "anaiwala", dziwani kuti simunafike. Funsani chimene chimalola kuti kuiwala kwa munthu mmodzi kuimitse lole yonse. Mukamaliza, werengani mobwerera m'mbuyo ndi mawu oti "choncho": chilolezo chili ndi mmodzi, choncho nambala zimasintha Lachisanu lokha, choncho kompyuta imasiyana ndi shelefu, choncho kupakira kumaima. Pamene "choncho" sakumveka bwino, pamenepo mwadumpha kanthu.

Musaumirire pa kasanu. Nthawi zina katatu kakwana, nthawi zina funso limodzi limabala mayankho awiri oona, ndipo lililonse liyenera kutsatidwa palokha. Ichi ndiye chofooka cha njirayi: imakukokerani ku chifukwa chimodzi, pomwe kuchedwa kobwerezabwereza nthawi zambiri kumakhala ndi magwero angapo. Ife titapereka chilolezo kwa anthu awiri nkulamula kuti chowonongeka chizilembedwa tsiku lomwelo, kuchedwa kunachepa kwambiri koma sikunathe. Kotsalako kunkachokera kwa a maoda, amene ankalandirabe maoda madzulo nkulonjeza kuti afika mawa m'mawa. Pamenepo panafunika mafunso akeake.

Kope lija musalisiye mukasintha zinthu. Pitirizani kulemba masabata ena anayi, ndipo musinthe chinthu chimodzi pa nthawi kuti mudziwe chimene chathandiza. Ngati lole ndi yochita kubwereka, dalaivala ndi wa pageti onse azisainira nthawi yotulukira.