Mwezi wanu usintha liti chizindikiro?

“Ndimakhala ku Rosettenville. Wina wandiuza kuti mwezi wanga ukulowa m'chizindikiro china, n'chifukwa chake mtima sukukhazikika. Ndingawerengetse bwanji?”

Achemwali, okhulupirira nyenyezi amagawa njira ya mwezi kumwamba m'zigawo 12 zotchedwa zizindikiro, monga Tawurasi ndi Jemini. Lamulo lawo ndi ili: tsiku limodzi mutabadwa limaimira chaka chimodzi cha moyo wanu. Tinene kuti munabadwa pa 1 Malichi 1990 ndipo muli ndi zaka 35. Muyang'ane pamene mwezi unali patapita masiku 35, pa 5 Epulo 1990.

Mwezi umayenda madigiri pafupifupi 13 patsiku, ndiye mwa kuwerengetsa kumeneku umasuntha digiri imodzi ndi pang'ono pamwezi uliwonse wa moyo wanu. Chizindikiro chili ndi madigiri 30, ndiye mwezi umakhala m'chizindikiro chimodzi pafupifupi zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mukaupeza pa digiri 24 ya Tawurasi, kwatsala miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ulowe mu Jemini.

Samalani ola lobadwira. Ine ndinkadalira “kunali m'mawa” wa amayi, mpaka ndinapeza khadi langa la kusikelo m'chikwama chawo: ndinaphonya maola anayi, ndiye kuti miyezi iwiri yathunthu. Mwayi wake, nthawi ya ku Malawi ndi ya kuno ku Joni n'chimodzimodzi.

Koma izi sayansi sinazitsimikize, achemwali. Ngati tulo sitikubwera kapena mtima walemera kwa milungu ingapo, pitani kukiliniki mukaonane ndi dokotala, musadikire mwezi.