Bwalo timayeza, tsitsi timayerekeza

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi, ndipo ndikafika pa phunziro lopeza kukula kwa selo kapena tsitsi pa maikulosikopu ndimafuna kufotokoza m'Chichewa. Kodi ndinene kuti tikuyeza, tikuyesa kapena tikuyerekeza? Nanga malo owala ozungulira amene timaona tikasuzumira aja ndiwatchule chiyani?

Aphunzitsi, tiyambe ndi malo owalawo. Ine ndimawatcha bwalo, ndipo pofuna kumveketsa ndimati bwalo loonekera. Bwalo ndi malo oyera okhala ndi malire, pamene zinthu zimaonekera poyera, ndiye mwana akamva mawuwa savutika kugwira. Chimene tikufuna pa bwalolo ndi mtunda wochokera m'mphepete kukafika m'mphepete mwina kudzera pakati penipeni. Mtunda umenewu ndi m'mimba mwa bwalo. Musanene kuti mulifupi kapena mulitali, chifukwa chinthu chozungulira chilibe mbali yaifupi ndi yaitali. Musangonenanso kuti "kukula kwa bwalo", poti wina adzamva ngati mukunena malo onse a m'katimo.

Pa aneni atatu aja, "kuyesa" muyambe mwamuika pambali. N'zoona kuti mawu akuti muyeso amachokera pamenepo, ndipo alipo amene amati kuyesa nsalu, koma m'kalasi mawuwa amakumbutsa mayeso kapena kuchita chinthu mongoona ngati chitheka. Awiri otsalawo muwafuna onse, chifukwa pa phunziroli pali ntchito ziwiri zosiyana. Bwalo timaliyeza, popeza timaikapo rula n'kuwerenga. Tsitsi sitiliyeza ayi. Timaliyerekeza ndi bwalo limene tayeza kale. Mukagwiritsa ntchito mneni mmodzi pa ntchito zonse ziwiri, ana amaganiza kuti rula iyenera kugona pambali pa selo, ndipo amadabwa akaona kuti sizitheka.

Ntchito yoyeza imayenda chonchi. Tembenuzani malenzi kuti pansi pakhale yaifupi kwambiri, yolembedwa 4x. Ngati lenzi ya kudiso yalembedwa 10x, ndiye kuti chinthu chikuoneka chachikulu ka 40, chifukwa manambala awiriwa timawachulukitsa. Ikani rula yapulasitiki yoonekera pa thebulo la maikulosikopu, konzani mpaka mizere ya mamilimita ioneke bwino, kenako sunthani rulayo kuti idutse pakati penipeni pa bwalo. Ikadutsa cham'mwamba kapena cham'munsi mupeza mtunda woperewera, ndipo mayankho onse otsatira adzachepa nawo. Mizere imene pa maso imaoneka yopyapyala, apa imaoneka yonenepa ngati mipiringidzo. Choncho ikani mbali ya kumanzere ya mzere umodzi m'mphepete mwa bwalo, ndipo powerenga muzitsata mbali ya kumanzere ya mzere uliwonse.

Apa pali mawu amene ndikupemphani muwasamale. Musauze ana kuti "werengani mizere". Auzeni kuti "werengani mipata". Milimita ndi mpata wa pakati pa mizere iwiri. Mwana amene waona mizere isanu amalemba 5, pamene mipata yathunthu ilipo inayi ndi kachidutswa kotsala. Tinene kuti kachidutswako ndi theka la mpata. M'mimba mwa bwalo ndi mamilimita 4.5, amene ndi mamaikulomita 4,500, poti milimita imodzi ili ndi mamaikulomita 1,000. M'mabuku maikulomita imalembedwa µm.

Pali njira yodziwira ngati mwayeza bwino. Malenzi ambiri a kudiso amalembedwa manambala awiri, monga 10x/18. Mukagawa yachiwiriyo ndi nambala ya lenzi yapansi mumapeza m'mimba mwa bwalo m'mamilimita: 18 kugawa ndi 4 ndi 4.5. Ngati rula yakupatsani 3 kapena 6 pa lenzi yotere, bwererani mukaonenso.

Pa lenzi ya 40x rula ilibe ntchito. Bwalo limachepa mpaka milimita imodzi siikwanamo, mzere wakuda ukhoza kuphimba mbali yaikulu, komanso lenziyo imayandikira kwambiri moti ikhoza kukanda pa rula. Ndiye timachita masamu. Timachulukitsa 4,500 ndi 40 wa pamene tinayezera paja, n'kugawa ndi nambala imene timapeza tikachulukitsa lenzi yatsopanoyo ndi 10x ya kudiso, imene ndi 100 pa lenzi ya 10x ndi 400 pa lenzi ya 40x:

```
4,500 µm × 40 ÷ 100 = 1,800 µm   (lenzi ya 10x)
4,500 µm × 40 ÷ 400 = 450 µm     (lenzi ya 40x)
```

Pofotokoza zimenezi ndi pamene mawu akuti "kukula" amapusitsa. Ana ambiri amachulukitsa m'malo mogawa chifukwa amva kuti lenzi yamphamvu "imakulitsa", ndiye akuganiza kuti bwalo nalonso lakula. Inetu sindikonda kunena kuti maikulosikopu imakulitsa tsitsi. Tsitsi silisintha. Ndimati imalionetsa lalikulu. Diso limaona bwalo lofanana nthawi zonse, koma chinthu chikamaoneka chachikulu, malo enieni amene akukwana m'bwalomo amachepa. Kuchoka pa ka 40 kufika pa ka 400 ndi kuwirikiza kakhumi, ndiye m'mimba mwa bwalo muchepanso kakhumi. Mwana akapeza nambala yoposa 4,500 pa lenzi yamphamvu, wadziwa kale kuti watembenuza masamu.

Komanso "kukula kwa selo" kukhoza kutanthauza kuti seloyo ikukula monga mwana amakulira. Funsani molunjika: selo iyi ndi yaitali bwanji, tsitsi ili m'mimba mwake ndi mamaikulomita angati. Mawu akuti kakulidwe musawagwiritse pano, chifukwa amanena za mmene chinthu chimakulira.

Tsopano tsitsi. Dulani kachidutswa, kaikeni pa galasi m'kadontho ka madzi, phimbani ndi kagalasi kopyapyala kuti kasapindike. Kapezeni ndi lenzi ya 4x, kafikitseni pakati, kenako kwerani mpaka 40x. Tsitsi limadutsa bwalo lonse ngati mzati, ndiye funso si la kutalika. Funso ndi lakuti: matsitsi angati otere, atagona mogundizana, angadzaze bwalo kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete kudzera pakati? Tinene kuti diso lanu laona kuti 6. Gawani 450 ndi 6, mupeza 75. Tsitsi la m'mutu mwa munthu kawirikawiri limakhala pakati pa mamaikulomita 50 ndi 100, choncho yankholi ndi lomveka. Mukanayesa pa lenzi ya 10x, pakanafunika matsitsi 24, ndipo diso silingasiyanitse 24 ndi 20 kapena 28. Sankhani lenzi imene chinthucho chikutenga gawo looneka la bwalo koma osalidzaza. Selo ya m'kati mwa tsaya imayenda m'njira yomweyo: ngati 8 zingandandalikane pa bwalo la 450, iliyonse ndi pafupifupi mamaikulomita 56. Samalaninso pokonza kuti tsitsi lioneke bwino. Poti ndi lobulungira, m'mphepete mwake mukachita chimbuuzi limaoneka lonenepa kuposa mmene lilili.

Polemba yankho, mawu akuti "pafupifupi" asasowe. Mnzanu akhoza kuona matsitsi 5 pamene inu mwaona 6, ndipo iye apeza 90, inu 75. Nonse simunalakwe, ndi mmene kuyerekeza kumakhalira. N'chifukwa chake mwana amene wagawa 450 ndi 7 asalembe 64.29 ngati kuti anayeza mpaka pamenepo. Alembe kuti "pafupifupi mamaikulomita 65". Ndipo manambala a bwalo aja, 4,500, 1,800 ndi 450, muwalembe pa kapepala n'kumata pa maikulosikopu imene mwayezayo. Mukasintha lenzi ya kudiso kapena kupita pa maikulosikopu ina, tenganinso rula muyezenso.