Akuti domeni izidzilipira yokha, kodi ndigone tulo?

"Abale, ndili ndi nyumba ya alendo kuno ku Chipata. Webusaiti anandipangira mwana wa achimwene anga zaka ziwiri zapitazo, pano ali ku Lusaka. Akuti domeni anaitchera kuti izidzilipira yokha chaka ndi chaka, ndisade nkhawa. Koma pasiwedi ndilibe, ndiponso sindidziwa kuti inalembedwa m'dzina la ndani. Kodi zimenezi n'zokwanira?"

Amayi, n'zosakwanira ayi, ndipo sikuti ndikumukayikira mwanayo. Mwina anatcheradi. Koma chimene anatcheracho, chija chimalembedwa kuti `Auto-renew` mu akaunti, ndi chilolezo chabe chouza kampani yogulitsa madomeni kuti tsiku likayandikira itape ndalama pa khadi yakutiyakuti. Khadiyo ikakana, palibe chimachitika. Domeni, dzina lija limene anthu amalemba pa intaneti kuti afike pa webusaiti yanu, sitigula kuti ikhale yathu mpaka kalekale, timachita lendi ngati malo ogulitsirapo mu msika wa Kapata. Lendi ikatha osalipira, malowo amapatsidwa wina.

Ndimakonza makompyuta ndi mawebusaiti kuno kwathu, ndipo nkhani yonga yanuyi ndinaigwira ndi manja. Bambo wina wa nyumba ya alendo anabwera kwa ine Febuluwale ali pakati, Nc'wala itatsala pang'ono, nthawi imene zipinda m'tauni muno zimadzaza ndi anthu opita ku Mtenguleni. Anandionetsa foni yawo dzanja likunjenjemera. Pamene pankaoneka zithunzi za zipinda zawo panali tsamba loyera lodzaza ndi malonda achilendo. Mlendo wina ndiye anawaimbira kuwafunsa ngati anatseka bizinesi. Domeni inali itatha m'sabata yoyamba ya Januwale. Iwo sanadziwe, chifukwa mwini webusaiti satsegula webusaiti yake tsiku ndi tsiku. Maimelo atasiya kubwera, ankangoti ndi nyengo ya dzinja, alendo achepa.

Titafufuza tinapeza kuti `Auto-renew` inali yoyatsa bwinobwino. Chinalakwika ndi khadi. Mnyamata amene anawapangira webusaiti anaikapo khadi yake ya ku banki, ndipo khadiyo inatha ntchito mu Novembala. Banki inamupatsa ina ya manambala atsopano, iye osakumbuka kuti yakale ija ndiyo inkalipira domeni ya anthu. Kampani inayesa kutapa ndalama, inalephera, inatumiza machenjezo. Bungwe la ICANN, limene limayang'anira madomeni ngati a `.com`, limalamula makampaniwa kutumiza uthenga kutatsala pafupifupi mwezi umodzi, wina kutatsala sabata imodzi, ndi winanso pasanathe masiku 5 domeni itatha. Onsewo anatumizidwa, koma anapita ku imelo yakale ya mnyamatayo imene anasiya kuitsegula.

Ndikuuzeni mmene masiku amayendera domeni ya `.com` ikatha, chifukwa apa ndi pamene ndalama zimawonongekera. Poyamba pamakhala nthawi yokuyembekezani, imene mungalipire mtengo wa masiku onse, madola 10 mpaka 20 pa chaka m'makampani ambiri. Nthawiyi sipitirira masiku 45, ndipo makampani ena amaifupikitsa kwambiri, ena mpaka amaika domeniyo pa malonda isanathe. Ikadutsa, domeni imalowa m'masiku 30 oiwombola. Apa mwini wake yekha ndiye angaibweze, koma ndi chindapusa chachikulu. Akatha amenewo pamatsala masiku 5 amene palibe angachite kanthu, kenako dzina limamasulidwa ndipo aliyense padziko lapansi akhoza kulitenga. Bambo aja tinawapeza ali kale m'masiku owombola. Analipira madola pafupifupi 100 pamwamba pa mtengo wa chaka, ndipo sabata yathunthu inapita tikusakasaka mnyamatayo, popeza akaunti inali yake ndipo kampani sikanamvera wina aliyense. Mwayi wake anayankha foni. Akanapanda kuyankha, chikwangwani cha pamsewu, makadi a bizinesi ndi mabuku a malisiti, zonse zolembedwa dzina lija, zikanasanduka zinyalala.

Ndiye amayi, yambani ndi umwini, za khadi zibwere pambuyo. Muimbireni mwanayo mumufunse kuti domeni anaigula ku kampani iti, ndipo mu akaunti, pamalo olembedwa `Registrant`, pali dzina la ndani. Kwa kampaniyo mwini wake ndi amene walembedwa pamenepo ndi amene ali ndi akaunti, osati amene anapereka ndalama m'manja. Musavomere kungopatsidwa pasiwedi ya akaunti yake, chifukwa mwina muli madomeni a anthu enanso, ndipo tsiku lililonse akhoza kuisintha. Tsegulani akaunti yanuyanu ku kampani yomweyo, iye asamutsire domeniyo kwa inu. Kusamutsa mkati mwa kampani imodzi sikuvuta, kawirikawiri n'kwaulere, ndipo webusaiti sizima. Pa `Registrant` lembani dzina lanu, kapena dzina la bizinesi monga linalembedwera ku PACRA ngati munalembetsa. Tsiku limene mudzafunike kutsimikizira kuti domeni ndi yanu, mapepala amenewo ndiwo adzakuyankhulireni. Mwanayo apitirize kukuthandizani, palibe chifukwa chomuchotsera. Makampani ambiri amalola mwini akaunti kuitana munthu wothandiza kuti azilowa ndi pasiwedi yakeyake popanda kukhala mwini.

Mukasintha dzina ndi imelo, kudzabwera uthenga wokupemphani kutsimikizira imeloyo. Musaunyalanyaze. Mukapanda kudina pasanathe masiku 15, domeni imaimitsidwa ngakhale ili yolipiridwa. Dziwaninso kuti mukasintha dzina la mwini, makampani ambiri amatseka kwa masiku 60 kuti domeni isasamukire ku kampani ina. Zimenezo zisakuopseni, webusaiti imagwirabe ntchito.

Pa imelo pali msampha umene umagwira ngakhale anthu odziwa ntchitoyi. Musalembetse akauntiyo ndi imelo ya pa domeni yomweyo, ija yothera ndi dzina la nyumba yanu ya alendo. Domeni ikatha, imeloyo imafa nayo limodzi. Chenjezo lomaliza silikufikani, ndipo mukaiwala pasiwedi, uthenga woti muikonze umapita ku bokosi lakufa. Kuli ngati kutsekera kiyi m'nyumba imene mukufuna kutsegula. Gwiritsani ntchito imelo yapadera ngati ya Gmail, imene mumatsegula pa foni yanu tsiku lililonse.

Tsopano khadi. Ikanipo yanu, ndipo yang'anani mwezi ndi chaka zolembedwa pamenepo. Ngati khadi itha domeni isanathe, mwadziwiratu pamene vuto lidzabwerere. Kuno kwathu pali zinanso zimene zimakanitsa malipirowa. Ndalama imatapidwa m'madola, ndiye kwacha ikagwa, zimene munasiya mu akaunti zikhoza kuperewera. Makadi ena amafuna kuti banki iyambe yawatsegulira kulipira pa intaneti kunja kwa dziko. Enanso, maka a pa foni, anthu amaikamo ndalama pokhapokha akafuna kugula chinthu, masiku ena onse amakhala opanda kanthu. Komanso makampani ambiri sadikira tsiku lomaliza, amayesa kutapa kutatsala sabata ziwiri kapena mwezi. Onani mu akaunti tsiku limene adzayese, ndalama ikhalemo tsikulo lisanafike.

Ine maganizo anga ndi akuti, kwa bizinesi ngati yanu, lipiriranitu zaka zitatu kapena zisanu nthawi imodzi pamene ndalama zili m'manja, monga Nc'wala ikangotha. Domeni ya `.com` imalola mpaka zaka 10. `Auto-renew` ikhalebe yoyatsa ngati mlonda wachiwiri. Choipa chake cha kulipiriratu n'chakuti munthu amaiwala, zaka zisanu zikamatha khadi ndi nambala ya foni zonse zinasintha kalekale. Choncho sankhani tsiku limodzi pa chaka, muliike pa kalendala ya foni, loti muzilowa mu akaunti n'kuona ngati khadi, imelo ndi nambala zidakali zamoyo.

Mukhoza kuona tsiku lotha ngakhale lero, musanalandire pasiwedi. Pitani pa `lookup.icann.org`, lembani dzina la domeni yanu, ndipo mudzaona kampani imene inagulitsa ndi tsiku lotha. Mukaona mawu akuti `clientTransferProhibited`, ndi abwino, akutanthauza kuti domeni ndi yokhoma kuti wina asaisamutse mwakuba. Mukaona `redemptionPeriod`, ndiye kuti ili m'masiku owombola aja, thamangani tsiku lomwelo. Koma chenjerani ndi `autoRenewPeriod`. Domeni ya `.com` ikangotha, tsiku lotha limatha kuoneka ngati lakankhidwa ndi chaka chimodzi ngakhale inu musanalipire kanthu, ndipo anthu amapusitsika nazo. Umboni weniweni ndi lisiti yochokera ku kampani ndi ndalama yotuluka ku banki. Ngati domeni yanu imathera ndi `.zm` kapena `.co.zm`, amene amayang'anira ndi a ZICTA, ndipo masiku ndatchulawa musawadalire. Funsani amene anakugulitsani kuti malamulo ake ndi otani, akulembereni.

Za kasungidwe ka pasiwedi. Isayende pa WhatsApp, ndipo isakhale dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Ikhale yaitali, yosagwiritsidwa ntchito kwina kulikonse. Ngati mumazolowerana ndi foni, pulogalamu yosungira mapasiwedi ngati Bitwarden ndi yabwino. Ngati ayi, pepala silochititsa manyazi. Lembani dzina la kampani, imelo ya akaunti, pasiwedi ndi tsiku lotha, muike mu envelopu, musunge pamodzi ndi mapepala a nyumba, osati m'buku la alendo la pa kauntala limene aliyense amavundukula. Munthu mmodzi wodalirika pabanja adziwe pamene pali envelopuyo, chifukwa matenda ndi maliro sizipangana tsiku.

Yatsaninso chitetezo chachiwiri, chija chimafunsa manambala apadera polowa. Poyatsa, makampani ambiri amapereka manambala osungira a tsiku limene foni yatayika. Amenewo alembeni, alowe mu envelopu yomweyo. Ngati manambala azibwera pa uthenga wa foni, ikhale nambala yanu ya tsiku ndi tsiku, chifukwa simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa ndipo nambalayo ikhoza kupatsidwa munthu wina.

Pomuimbira mwanayo, mufunseninso za malo amene webusaiti imasungidwa, aja timati hositing'i. Imeneyo ndi bilu ina, kawirikawiri ya tsiku lina, mwinanso ya kampani ina, ndipo nayonso ikhoza kukhala pa khadi yake.