Bowo limodzi, mayankho atatu: sitiresi ya m'mphepete mwa bowo

"Ndili ndi puleti yachitsulo ya mamilimita 100 mulifupi, yochindikala mamilimita 10, ndipo pakati pake pali bowo la mamilimita 20. Ikukokedwa ndi mphamvu ya 80 kN. Ine ndapeza kuti sitiresi yaikulu ndi 201 MPa, mnzanga wapeza 251, wina akuti 300 poti bowo limachulukitsa katatu basi. Tonse tagwiritsa ntchito Kt. Wolondola ndani?"

Wolondola ndi mnzanu wa 251 uja, achimwene. Koma musadzione ngati mbuli, chifukwa pamene mwapunthwapo ndi pomwe ambiri amapunthwa, inenso ndili pasukulu ndinagwapo. Kt, nambala yosonyeza kuti bowo lachulukitsa sitiresi kangati, siyenda yokha. Kt iliyonse ili ndi sitiresi yake imene inapangidwira kuti ichulukitse, ndipo mukaikwatitsa ndi ina, yankho limasokonekera ngakhale masamu onse atakhala olondola.

Tiyambe ndi 3 uja. Anachokera kwa injiniya wa ku Jeremani, Ernst Gustav Kirsch, amene m'chaka cha 1898 anawerengera mmene sitiresi imayalikira mozungulira bowo lozungulira mu puleti yotambalala mopanda malire. Mphamvu yokoka singadutse pa mpweya, ndiye imalambalala bowo n'kuunjikana m'mbali mwake. Anapeza kuti pa malo awiri a m'mphepete mwa bowo, kumanzere ndi kumanja ngati puleti ikukokedwa m'mwamba ndi pansi, sitiresi imafika katatu poyerekeza ndi ya kutali. Chodabwitsa n'chakuti pamwamba ndi pansi pa bowo lomwelo chitsulo sichikokedwa ayi, chimafinyidwa, ndi sitiresi yofanana kukula ndi ya kutali ija. Komanso katatuko n'kwa pakamwa penipeni pa bowo. Mukangosuntha kuchoka m'mphepete mtunda wa theka la kukula kwa bowo, sitiresi yatsika kale kufika pa 1.22 kuchulukitsa ya kutali.

Puleti yanu ili ndi malire, ndipo bowo ladya gawo limodzi mwa magawo asanu a mulifupi mwake. Apa pali masitiresi awiri oyambira, ndipo nkhani yonse yagona pa kuwasiyanitsa. Yoyamba ndi ya kutali ndi bowo, kumene chitsulo chili chathunthu: eriya yake ndi 100 kuchulukitsa 10, ndiye 80 000 N pa 1000 mm² ndi 80 MPa. Yachiwiri ndi ya pamzere wodutsa pakati pa bowo, pamene chitsulo chotsala ndi mamilimita 80 okha. Apa W ndi mulifupi mwa puleti, d ndi kukula kwa bowo, t ndi kuchindikala, ndipo F ndi mphamvu yokoka.

```
A_net = (W - d) × t = (100 - 20) × 10 = 800 mm²
σ_nom = F / A_net = 80000 / 800 = 100 MPa
```

Matchati ambiri a Kt a m'mabuku, aja mzere wake umayambira pa 3 n'kumatsika cha ku 2 bowo likamakula, anapangidwira sitiresi yachiwiriyi. Ngati tchati mulibe pafupi, fomula ya Heywood imapereka nambala yoyandikira kwambiri:

```
Kt = 2 + (1 - d/W)³ = 2 + 0.8³ = 2.51
σ_max = Kt × σ_nom = 2.51 × 100 = 251 MPa
```

Tsopano 201 wanu waonekera kumene wachokera. Mwatenga 2.51 wa patchati n'kuchulukitsa ndi 80 MPa ya kutali. Mwachepetsa yankho ndi 50 MPa, ndipo kulakwitsa kwa mbali imeneyi ndi koopsa, chifukwa kumakuuzani kuti chitsulo chili pamtendere pamene sichili choncho. Wa 300 uja watenga 3 wa Kirsch n'kumuika pa 100 MPa. Iyeyo wangoonjeza, chimene chingamuonongetse chitsulo koma osati kumugwetsera makina.

Palinso matchati ena amene Kt yake imachulukitsa sitiresi ya kutali. Mudzawazindikira chifukwa mzere wake umayambira pa 3 n'kumakwera. Pa puleti yanu Kt yotereyi ndi 2.51 kugawa ndi 0.8, yomwe ndi 3.14, ndipo 3.14 kuchulukitsa 80 ndi 251 yemweyo. Njira ziwiri, khomo limodzi. Choncho musanawerenge nambala pa tchati chilichonse, yang'anani kafomula kakang'ono kolembedwa pakona pake. Mukaona (W - d) pansi pa mzere wogawira, dziwani kuti akufuna eriya yotsala. Ndipo pali kayeso kamene ine sindikadumpha: yankho lanu likachepera katatu ka sitiresi ya kutali, pano 240 MPa, penapake mwaphonya. Bowo lozungulira mu puleti ya malire silingachite bwino kuposa la mu puleti yopanda malire. 201 akanagwidwa pomwepo.

Kutsika kwa mzere wa tchati kumapusitsanso ena kuganiza kuti bowo lalikulu n'labwinoko. Kuzani bowo lanu lifike mamilimita 50. Kt yatsikadi kufika pa 2.13, koma chitsulo chotsala ndi 500 mm², sitiresi yapakati yakwera kufika 160 MPa, ndipo ya m'mphepete ili pa 340 MPa.

Nanga 251 ameneyu mutani naye? Tinene kuti chitsulo chanu ndi S275, chimene chimayamba kutamuka osabwereranso pa 275 MPa. Pa 80 kN mudakali pansi pake, ndiye nambala yanu ndi yeniyeni. Mukakweza mphamvu kufika 100 kN, fomula ikupatsani 314 MPa, koma sitiresi imeneyo mu chitsulomo mulibe. Kt imagwira ntchito pokhapokha chitsulo chikutamuka ndi kubwerera ngati sipuling'i. Chimene chimachitika n'chakuti kachigawo kakang'ono ka m'mphepete mwa bowo kamagonja, n'kupatsira katundu wotsalayo chitsulo choyandikana nacho. Puleti siiduka. Kuti mzere wonse wa pabowo ugonje pafunika 275 kuchulukitsa 800, yomwe ndi 220 kN. N'chifukwa chake pa chitsulo chotamuka chimene chasenza katundu wosasinthasintha, mainjiniya nthawi zambiri amangoyesa eriya yotsala, Kt n'kuisiya pambali.

Zimasintha katundu akamabwera n'kuchoka kambirimbiri, monga pa makina onjenjemera. Kachigawo kaja kakakokedwa ndi kumasulidwa maulendo zikwi mazanamazana kamatopa, ndipo mng'alu umabadwira pomwepo. Mukagwira puleti yoduka motere, mudzaona mng'alu wayambira m'mbali mwa bowo n'kuyenda mopingasa mphamvu, pamene unayambira pali posalala, pamene padaduka komaliza pali pokhakhala. Pa zinthu zophwanyika zosayamba zatamuka, monga galasi, Kt muiike yonse ngakhale katundu ali chikhalire.

Kamodzi kokha ndikuchenjezeni. Zonsezi n'za bowo lopanda kanthu, lozungulira bwino, lokhala pakati pa puleti. Ngati mphamvu ikulowa kudzera pa bauti kapena pini yokhala m'bowomo, tchati chake n'china. Bowo likatalika mopingasa mphamvu, injiniya wina dzina lake Inglis anaonetsa m'chaka cha 1913 kuti nambala imakhala 1 + 2a/b, pamene a ndi theka la kutalika kwa bowo kopingasa mphamvu ndipo b ndi theka la mbali inayo. Bowo lotalika katatu kuposa mulifupi mwake limapereka 7, osati 3. Ndiye ngati bowo lanu munaboola ndi moto wa gasi ndipo m'mphepete mwake muli manomano, kaliyeretseni kaye, chifukwa 2.51 uja sakuwerengera mano amenewo.