Mitengo yakwera, masheya akweranso: tchati chikunena chiyani?

"Ndili ku Lizulu kuno, ndangoyamba kumene zogula masheya. Ndinamva kuti kukwera mitengo kwa zinthu kukaposa zomwe anthu amayembekezera, masheya amagwa. Nanga bwanji MASI, chiwerengero cha masheya onse a pa Malawi Stock Exchange, ikungokwera? Ndipo mabondi akukhudzidwa bwanji?"

Achimwene, musanayang'ane mzere wa masheya, yambani ndi chiwongoladzanja cha mabondi aafupi, a chaka chimodzi kapena ziwiri. Ndi amene amayamba kusonyeza zomwe anthu akuganiza kuti banki yaikulu ichita.

Bondi ndi pepala la ngongole: tinene kuti boma lalonjeza kukupatsani K100,000 pakatha chaka. Ngati ogula akufuna phindu la 25 peresenti, pepalalo aligula K80,000 lero. Akamva kuti zinthu zadula kuposa momwe amaganizira, afuna 28 peresenti, ndiye pepala lomwelo latsika kufika pa K78,125. Chiwongoladzanja chikamakwera pa tchati, dziwani kuti mtengo wa bondi ukutsika. Masheya nawo amavutika, chifukwa munthu amadzifunsa kuti ndidziikirenji pachiswe ku kampani pamene boma likulipira chonchi.

Zomwe munamvazo zinaoneka bwino ku Amereka pa 13 Sepitembala 2022. Anthu amayembekezera kumva kuti mitengo ya zinthu yakwera ndi 8.1 peresenti pa chaka, kunatuluka 8.3. Chiwerengerocho chinali chotsika poyerekeza ndi cha mwezi wam'mbuyo, komabe S&P 500, chiwerengero cha masheya a makampani akuluakulu a kumeneko, inagwa ndi 4.3 peresenti tsiku limodzi, chiwongoladzanja cha bondi ya zaka ziwiri n'kulumpha. Chinagwedeza msika ndi kusiyana kwakung'ono kuja ndi zomwe amayembekezera.

Kwathu kuno nkhani ndi ina. Ofesi ya boma ya ziwerengero, NSO, ku Zomba isanatulutse chiwerengero cha mwezi cha kukwera mitengo, inu mumakhala mutachiona kale pa mtengo wa ndowa ya chimanga pamsika wa Lizulu pompo, popeza chakudya ndicho chimalemera kwambiri pa kawerengedwe kawo. Chodzidzimutsa chimachepa. Komanso makampani a pa Malawi Stock Exchange ndi ochepa, ndipo masheya ena amatha masiku osagulidwa n'komwe, choncho tchati cha tsiku limodzi musachikhulupirire. Ine ndimadikira zotsatira za malonda a Treasury bills, mapepala a ngongole yaifupi ya boma, zomwe Reserve Bank imalengeza, n'kuona ngati a masiku 364 asuntha, kenako ndimayang'ana MASI ya milungu ingapo.

Zonse zikamakwerera limodzi musadabwe. Mabanki amalemera kwambiri mu MASI, ndipo ndi omwewo amakongoza boma, ndiye chiwongoladzanja chikakwera phindu lawo limanenepa. Enanso amathawira ku masheya poopa kuti kwacha iwasungunukira m'manja, makamaka chichitikireni zija za Novembala 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Koma ngati MASI yakwera ndi 20 peresenti m'chaka chimene zinthu zadula ndi 30, ndalama zanu zikugula matumba a feteleza ochepa kuposa chaka chatha, ngakhale mzere uli wobiriwira.