Chifukwa chake busitingi ikuposa nkhalango pa deta ya usipa

"Ndili ndi tebulo la maulendo 8,000 a asodzi a usipa a ku Msaka ndi ku Malembo: doko, tsiku, kuwala kwa mwezi, mphepo, mtundu wa ukonde ndi makilogalamu omwe anapha. `RandomForestRegressor` ya mitengo 500 ikugonja kwa `HistGradientBoostingRegressor`. Ndawonjezera mitengo kufika 2,000 koma palibe chasintha. Kodi zonsezi si mitengo yokhayokha?"

Ndi mitengo ndithu achimwene, yonse imagawa mizere ya tebulo m'nthambi kuti ilosere makilogalamu, koma ntchito yomwe mtengo uliwonse umapatsidwa ndi yosiyana.

Nkhalango, ndiye kuti `RandomForestRegressor` yanuyo, yomwe Leo Breiman anaifotokoza mu 2001, inachokera ku bagingi, njira yake ya mu 1996. Mtengo uliwonse umatola mizere 8,000 mwachisawawa, mzere wina kawiri kapena katatu, wina osatoledwa konse, kotero umaona pafupifupi 63 peresenti ya mizere yanu. Umakula mozama pawokha osadziwa zomwe mitengo inzake ikuchita, ndipo pamapeto mayankho onse amatengedwa avareji. Mtengo umodzi wozama umatengeka ndi phokoso la mu deta, avareji ndiyo imaziziritsa kutengekako. Koma cholakwa chimene mitengo yonse ikugawana sichichoka. Ndiye chifukwa chake mitengo 2,000 sinakuthandizeni: ikadutsa mazana ochepa, zomwe avareji ikanachotsa zimakhala zachoka kale.

Busitingi ya Jerome Friedman, njira yomwe `HistGradientBoostingRegressor` imatsata, imadzala timitengo tatifupi motsatana, kalikonse kakuphunzira zotsala, ndiye kuti pomwe tam'mbuyo taphonya. Tiyerekeze maulendo atatu a chilimira. Woyamba, mwezi ukuwala ndipo mwera ukuomba, anapha makilogalamu 20. Wachiwiri, mwezi ukuwala koma nyanja ili bata, 50. Wachitatu, usiku wamdima wabata pomwe nyali zimakoka usipa bwino, 110. Modelo imayamba ndi avareji, 60, choncho zotsala ndi -40, -10 ndi +50. Kamtengo koyamba kagawa pa kuwala kwa mwezi: mbali yowala ipatsidwa -25, yamdima +50. Sititenga zonse. Ngati `learning_rate` ndi 0.1 titenga chakhumi chokha, mayankho n'kukhala 57.5, 57.5 ndi 65. Zotsala tsopano ndi -37.5, -7.5 ndi +45. Timitengo totsatira tipitiriza kudya kusiyana kwa mwezi, ndipo kukachepa mokwanira, chachikulu chotsala chikhala kusiyana kwa ulendo woyamba ndi wachiwiri. Apo kamtengo kadzagawa pa mwera.

Mphamvu yake ili pomwepa. Mu tebulo ngati lanu mumakhala zinthu ziwiri kapena zitatu zikuluzikulu, kenako zing'onozing'ono zambiri zodalirana, monga mwera kuvuta kwambiri pa doko lina kuposa linzake. Mu nkhalango mtengo uliwonse umayambira pachiyambi, n'kufika pa zing'onozing'onozo mizere itatsala yochepa pa nthambi, ndipo avareji imakokera maulendo ophetsa kwambiri chapakati. Busitingi imachotsa zikuluzikulu kaye, kenako n'kufufuza zing'onozing'ono pogwiritsa ntchito tebulo lonse.

Yambani chonchi:

```python
HistGradientBoostingRegressor(
    learning_rate=0.05, max_iter=2000, max_depth=4,
    min_samples_leaf=30, early_stopping=True,
    n_iter_no_change=50)
```

Mukachepetsa `learning_rate` ndi theka, yembekezerani kuti mitengo yofunika ichuluka pafupifupi kawiri.

Koma khama lothamangitsa zotsalali ndi lomwenso limapweteka busitingi. Mlembi wa pa doko akalemba 900 m'malo mwa 90, nkhalango imangogwedezeka pang'ono, pomwe busitingi imaona chotsala chachikulu n'kumachithamangitsa mtengo ndi mtengo. Chizindikiro chake n'choti cholakwa pa deta yophunzitsira chimatsikabe pamene pa deta yoyesera chayamba kukwera. `early_stopping` imaimitsa kudzala mitengo zikafika apa. Ngati zolemba zanu zili ndi manambala okayikitsa ambiri, yesani `loss="absolute_error"`, yomwe simalanga kwambiri kuphonya kwakukulu. Pa tebulo la mizere mazana ochepa lodzaza phokoso, ine ndingasankhe nkhalango, chifukwa imagwira bwino osaisintha zambiri.

Musanakhulupirire kuti busitingi yapambanadi, onani mmene munagawira deta. Maulendo a usiku umodzi pa doko limodzi amafanana, ndiye mukagawa mwachisawawa ena amagwera kophunzitsira, ena koyesera, ndipo busitingi, poti imaloweza msanga, imaoneka yanzeru kuposa mmene ilili. Gawani potengera nthawi: phunzitsani ndi zaka zoyambirira, yesani ndi chaka chomaliza chonse kuti nyengo ya mwera ya Juni ndi Julayi ilowemo. Dziwaninso kuti gawo lomwe `early_stopping=True` imadzipatulira limatoledwa mwachisawawa, choncho ikhoza kuchedwa kuima. Chiwerengero cha mitengo chitsimikizeni pa miyezi yomwe mwapatula nokha. Kusiyana kukatsala kochepa pambuyo pa zimenezi, sungani nkhalango. Kukakhalabe kwakukulu pa chaka chomwe modelo sinachionepo, tengani busitingi ndipo muziiphunzitsanso nyengo iliyonse ikatha.