Tchalitchi chomwe chinapsa pa nkhondo: tifolere kapena tisiye bwinja?

"Abale, kwathu kuno ku Angonia kuli tchalitchi chakale cha njerwa chomwe chinatenthedwa pa nkhondo ija. Denga linapita, zipupa zidakaimabe, mitengo yamera mkati. Tagawanika pawiri. Ena akuti tifolere tizipempheramonso, ena akuti tisakhudze, chikhale chikumbutso cha anthu amene anafera pamenepo. Odziwa zomangamanga, tithandizeni."

Achimwene, pepani ndi zomwe zinachitika pamalopo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma zonse zikuganiza ngati zipupazo zidikira mpaka mutagwirizana. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambiki inatha pa 4 Okutobala 1992, ndiye kuti zipupazo zanyowa mvula ya zaka zoposa 30 popanda denga. Chimene chikuzipha lero ndi madzi olowera pamwamba ndi mizu, moto uja unachita zake kalekale. Amene akuti tisakhudze adziwe kuti bwinja losasamalidwa limagwa lokha, ndipo chikumbutsocho chimasanduka chulu. Amene akuti tifolere adziwenso kuti denga ndi katundu, ndipo chipupa chopendekeka chikalisenza chimagwa anthu ali mkati. Choncho musanavote, yezani.

Musanalowetse khasu kapena kutentha tchire mkatimo, kumbukirani kuti pamalo pamene panamenyedwa nkhondo pamatsala zipolopolo ndi mabomba osaphulika. Dziko la Mozambiki linalengeza mu 2015 kuti lathana ndi minda ya mabomba okwirira yomwe inkadziwika, koma chitsulo chimodzi chokwiririka m'phulusa sichisowa. Mukaona chitsulo chachilendo, musachigwire, ikani chizindikiro, itanani apolisi. Mukapeza mafupa a anthu, ntchito iime, adziwitsidwe anyakwawa, akuluakulu a mpingo ndi boma. Pitaninso ku ofesi ya zachikhalidwe ku boma lanu musanagwetse kanthu, chifukwa lamulo la nambala 10/88 la mu 1988 limateteza nyumba zambiri zakale zokhala ndi mbiri, ndipo adzakuuzani ngati yanuyo ili m'gululo. Jambulani chipupa chilichonse mkati ndi kunja chisanakhudzidwe.

Tsopano kuyeza. Tiyerekeze kuti tchalitchicho n'chotalika mamita 20, mulifupi mamita 8, zipupa zake n'zokhuthala masentimita 45 ndipo zakwera mamita 5. Tengani chingwe, mangirirani mwala kunsonga, munthu akwere makwerero oima paokha, osatsamira chipupa, agwire chingwecho pamwamba penipeni. Pansi yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi tsinde la chipupa. Ngati chipupa chapendekera kunja, muyezera kunja. Chitani izi malo atatu kapena anayi pa chipupa chilichonse, makamaka pakati, popeza pamakona chimagwiridwa ndi chinzake ndipo chimaoneka chowongoka. Malire ake ndi awa: kupendekeka kwa pamwamba kukapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a kukhuthala kwa chipupa, kulemera kwake kwayamba kutsamira mbali imodzi ya maziko ndipo mbali inayo yayamba kunyamuka. Pa chipupa cha masentimita 45, malirewo ndi masentimita 15. Mukapeza kuti chakutsogolo chapendekera 3, chakumpoto 6, chakummwera 17, ndiye kuti chakummwera chisasenze denga, ndipo ana asamasewere pansi pake ngakhale mutasankha zosiya bwinja. Chimenecho chimafuna kuchirikizidwa ndi mitengo msanga, kenako kuphwasulidwa kuchokera pamwamba mpaka pomwe chili chowongoka.

Ming'alu imanena zambiri mukaiyang'ana bwino. Mng'alu wotsata mizere ya njerwa ngati masitepe, wotambalala pamwamba n'kupyapyala pansi, nthawi zambiri umasonyeza kuti maziko a pakona akutsika. Mng'alu woongoka pomwe zipupa ziwiri zimakumana umasonyeza kuti zalekana, chilichonse chaima pachokha. Funso lalikulu ndi lakuti mng'aluwo ukukulabe kapena unaima. Khomerani misomali iwiri, wina mbali iyi wina mbali inayo, yezani mpata wake ndi rula ya mamilimita, lembani m'kope tsiku ndi muyeso, mwezi ndi mwezi, kuyambira Okutobala mpaka Epulo kuti mvula yonse ipitemo. Ukapanda kusintha, ndi bala lakale, limasokedwa. Ukakula ndi mamilimita awiri kapena atatu, nthaka ikuyenda, ndipo kumata pamwamba n'kungobisa matenda.

Moto umasiya zizindikiro zake. Njerwa yootcha inadutsa kale mu uvuni, choncho imapirira; gogodani ndi kahamala, yabwino imalira ngwee, yowonongeka imalira mogontha ndipo nkhope yake imasupuka. Chofooka ndi dothi kapena laimu womangira. Palani ndi msomali pakati pa njerwa: ukalowa masentimita awiri kapena atatu n'kumatuluka ufa, pamenepo pafunika kukolopola n'kuthiramo watsopano. Konkire kapena matope a laimu omwe asanduka ofiirira anapsa ndi kutentha kopitirira madigiri 300, ndipo konkire wotere watha mphamvu. Choopsa chomwe ambiri sachiona ndi matabwa omwe anali pamwamba pa zitseko ndi mawindo. Anapsa kapena chiswe chinawamaliza, ndipo njerwa za pamwamba pake zangolendewera. Pisani ndodo m'mabowo onse momwe munalowa mitanda ya denga, muone kuya kwake.

Mitengo yomera m'chipupa, makamaka kachere, musaizule. Muzu wake walowa pakati pa njerwa ndipo mukakoka mubwera ndi chipupa. Dulani patsinde, muzidula mphukira zonse zikatuluka mpaka chitsa chife, chikauma muchotse pang'onopang'ono n'kutseka bowolo.

Mukasankha kusunga bwinja, ntchito yake yaikulu ili pamutu pa zipupa. Chotsani mizere iwiri kapena itatu ya njerwa zogwedera, muiyalenso, kenako muike chipewa cha matope a laimu chotsetsereka kuti madzi asaime. Pa tchalitchi tayerekezachi, zipupa kuzungulira ndi mamita 56. Chipewa chokhuthala masentimita 5 pa chipupa cha masentimita 45 chidya pafupifupi ndowa 63 za malita 20. Sakanizani muyeso umodzi wa laimu, iwiri ya mchenga wa kumtsinje wosefa, umodzi wa njerwa zofewa zosinja ngati ufa: ndowa 21 za laimu, 42 za mchenga, 21 za ufa wa njerwa, kuonjezapo pang'ono za zotayika. Musadabwe kuti ndowa 84 zabala 63, laimu amalowa m'mipata ya mchenga. Ufa wa njerwawo ndi umene umathandiza laimu kulimba pamalo onyowa. Chenjerani pogula: laimu wothira m'munda wa chimanga kapena mbatatesi ndi mwala wogaya chabe, sagwira ngakhale pang'ono. Mufune laimu womangira, mumuviike m'mgolo usiku wonse kapena kuposerapo akhale ngati phala lolimba, ndipo osakaniza avale magolovesi, ateteze maso, chifukwa amaotcha. Mukamata, phimbani ndi masaka onyowa sabata yathunthu. Laimu akauma mofulumira padzuwa la Okutobala amang'aluka n'kuyoyoka, choncho miyezi ya Meyi mpaka Julayi ndiyo yabwino.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti simenti ndiye yolimba. Pa njerwa zakale zofewa, kulimbako ndiye vuto. Simenti siitulutsa chinyezi, madzi olowa pamng'alu amatsekeredwa mkati, amatulukira m'njerwa, njerwa n'kumafumbutuka pomwe mizere ya simenti yatsala chilili ngati chisa cha njuchi. Mukaona chipupa chotero, dziwani kuti chinakonzedwa ndi simenti. Kupatula chipewacho, bwinja limafuna ngalande yochotsa madzi patsinde, kulambula udzu chaka chilichonse moto wolusa usanayambe, ndi munthu wodziwika ndi dzina amene aziyendera zipupa mvula ikatha. Popanda munthu ameneyo, zonse mwachitazo zimabwerera m'mbuyo m'zaka zochepa.

Mukasankha kufolera, cholakwika chofala ndi kukhazika mitanda pa zipupa zakale mwachindunji. Denga la msonga limakankhira zipupa kunja, ndipo ngati mtanda uliwonse ulibe thabwa lapansi lomanga miyendo yake iwiri, zipupa zimakanuka pang'onopang'ono. Pamafunika lamba wozungulira pamwamba pa zipupa zonse womangirira nyumbayo pamodzi, ndipo denga limangiriridwe kwa lambayo kuti mphepo isalinyamule. Malata ndi opepuka kuposa matailosi, ndiye oyenera zipupa zotopa. Njira yomwe ndimaikhulupirira kwambiri zipupa zikakhala zokayikitsa ndi yoimika nsanamira zatsopano mkati, pafupifupi theka la mita kuchokera ku chipupa, nsanamira iliyonse ndi maziko ake, denga likhale pa nsanamirazo n'kutulukira kunja kuphimba mitu ya zipupa zakale. Zipupa sizisenza kanthu koma zapeza ambulera. Kukula kwa nsanamira ndi mitanda awerengere injiniya atafika pamalopo, zimenezo si zongoyerekeza.

Mkangano wanuwu ena anadutsamo. Ku Coventry, ku Mangalande, tchalitchi chachikulu chinapsa ndi mabomba mu Novembala 1940. Anasunga zipupa zopanda denga, namanga chatsopano pambali pake, chomwe chinatsegulidwa mu 1962, ndipo munthu amatha kudutsa m'bwinjamo popita kukapemphera. Ku Dresden, ku Jeremani, tchalitchi cha Frauenkirche chinagwa mu Febuluwale 1945, chinakhala mulu wa miyala zaka pafupifupi 50, kenako anachimanganso n'kumaliza mu 2005, koma miyala yakale yakuda anaibwezera pakati pa yatsopano yoyera kuti aliyense aone pomwe panali bala. Iwo anatha kutero chifukwa anali ndi mapulani ndi zithunzi zakale. Pangano la akatswiri osamala nyumba zakale la ku Venice la mu 1964 limanena zomwezo: kubwezeretsa kulekere pomwe kungoganizira kwayambira, ndipo chatsopano chizisiyanitsika ndi chakale. Ngati palibe chithunzi cha denga kapena nsanja yoyambayo, musapeke n'kumati ndi mmene zinalili.

Kwa inu, miyeso ikatuluka ngati ija ndayerekeza, ine ndingalangize kugawa nyumbayo. Chipupa chakutsogolo ndi chigawo choyamba, mwina mamita 6, zikhale zopanda denga, zovekedwa chipewa cha laimu, mwaye ndi mabowo a zipolopolo osamatidwa, osapakidwa penti. Mayina a omwe anafera pamenepo alembedwe pa mwala woima paokha, mabanja awo atavomereza, osakhomera pa chipupa chakale. Mamita 14 otsalawo afoleredwe pa nsanamira zake, chipupa chakummwera chitsitsidwe n'kumangidwanso ndi njerwa zake zomwezo, ndipo pomwe zatsopano zayambira pakhale mzere woonekera. Komiti yanu isanakhale pansi, mufunse kaye amene anataya abale awo pamalopo ngati angathe kulowamo kukapemphera, chifukwa alipo ena amene sangaponde pamene panagona mayi wawo, ndipo yankho lawo lingasunthe malire a gawo losafoleralo. Pakadali pano, chingwe, misomali ndi kope ziyambe ntchito mvula ikubwerayi isanagwe, ndipo mbali yakummwera muitchinge ndi mpanda.